Achemwali, za sopo wanu uja

Achemwali, ndaona zithunzi zija ndili m'tekisi pochokera kuntchito. Manja ofiira chonchija, komabe mukuchapira? Sopo ameneyo muyambe mwamusiya, ana asamukhudze. Mwati akufumbutuka ngati chigumu chouma ndipo akuluma, ndiye kuti kositiki soda anachuluka. Ndi sefuliya ya amayi yadayo, ine mtima unangoti myuu. Kositiki amadya aluminiyamu, achemwali! Ndowa ya pulasitiki yolimba ija ndi mthiko woti simudzaphikiranso nsima, basi.

Vuto lanu ndi kapu. Mwati kapu imodzi ya soda, makapu angapo a mafuta. Sopo sayezedwa ngati ufa wa mandasi, amafuna sikelo. Kuno komwe ndimathandiza mayi wina kupanga sopo Loweruka, ngakhale madzi timawaika pasikelo. Ndipo ndikuuzeni, masiku ano amandisiyira ndekha ntchito yonse, iwo n'kupita kokagulitsa.

Chifukwa chake ndi ichi. Kachidutswa kalikonse ka mafuta, kosaoneka ndi maso, kali ngati mphanda ya nthambi zitatu zogwirira pa tsinde limodzi. Soda akasungunuka m'madzi amadula nthambi zija, nthambi iliyonse n'kugwirana ndi gawo la sodayo n'kusanduka sopo. Tsinde lotsalalo ndi gilisalini, yemwe uja timadzola nthawi yozizira. Asayansi amati saponifikeshoni. Ndiye soda akachuluka, nthambi zodula zimatha iye adakalipo, n'kuyamba kudya khungu lanu. Akachepa kwambiri mafuta amatsala, sopo amakhala wofewa, pakapita nthawi n'kuyamba kununkha.

Tengani mafuta a ng'ombe kubutchala, muwasungunule, musefe, muyeze kilogalamu imodzi atasefedwa kale. Kuti onsewo asanduke sopo pamafunika soda magalamu 140, koma inu ikani 133, kamafuta pang'ono katsale kuti sopo asalume. Madzi magalamu 350. Mukasintha mafuta nambala imasinthanso, a mtedza amafuna wocheperapo, ndiye mundifunse kaye. Komanso lita imodzi ya mafuta ophikira sikwana kilogalamu, imakhala cha m'ma magalamu 920, mwina mpamene munagwera.

Mafuta a ng'ombe ndatchulawa andikumbutsa chiwaya cha pa Lizulu, kachewere wotentha, tsabola pamwamba. Kuno mbatata yake ndi madzi okhaokha. Alamu anakumba kale yakudimba ija?

Eya, ndisaiwale. Soda ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono, osati madzi pa soda, angakuthovukireni kumaso. Chitirani panja, magolovesi m'manja, magalasi kumaso, chifukwa madziwo amatentha okha popanda moto. Akakudonthokerani tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Likakhala diso, tsukani mphindi zosachepera 15 kenako kuchipatala. Ndipo si soda wa therere ayi, azakhali asakusokonezeni. Chidulo cha phulusa chija n'chachibale chake, koma n'chofooka, sopo wake salimba.

Dikirani zonse zikhale zofunda chabe, thirani madzi a soda m'mafuta, takasani mpaka zikhale ngati phala la mwana, loti mukadonthezera pamwamba mzere ukuoneka. Ndi mthiko zitha kupitirira ola. Samalani ndi kuzizira kwathu ku Dedza kuja: mafuta a ng'ombe amagwirana okha akazizira, inu n'kumati zatheka. Zikalimba patangopita mphindi zochepa, zili ndi timibulu, ndi kuzizira kumeneko, fundutsani pang'ono mupitirize. Mukathira m'chikombole fundikani bulangete, mudule pakatha tsiku limodzi kapena awiri, muyanike pamthunzi podutsa mphepo masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Osathamangira nawo kumsika.

Mwana wanu wa Fomu 2 uja anafunsa kuti sopo amachotsa bwanji girisi pa ovolosi ya bambo ake. Mumuuze kuti kachidutswa ka sopo kali ngati mbululu. Mchira wake ndi nthambi ya mafuta ija, umathawa madzi n'kukalowa m'girisi. Mutu umakonda madzi, umatsalira kunja. Mukamafikisa, girisi amaduka timadontho, kadontho kalikonse kazunguliridwa ndi ambululu, michira m'kati, mitu kunja. Mitu ija imakankhana, ndiye timadonthoto sitigwirananso, timangoyandama mpaka mutatsukuluza. N'chifukwa chake madzi ochapira amachita mbuu. Thovu si limene limachapa.

Mukaona sopo sakuchita thovu, m'mbali mwa beseni muli zoyera zomata, musafulumire kunena kuti ndakunamizani. Madzi a mijigo ina amakhala ndi laimu, ndiye laimuyo amagwira mitu ija sopo n'kufa asanagwire ntchito. Yesani ndi madzi a mvula muone kusiyana.

Sikelo ndipatsira munthu wa basi kumapeto kwa mwezi, ndi ndalama ya sefuliya ya amayi ndiikamo. Musapangenso isanafike. Manjawo mundijambulenso mawa.