"Katundu sabwezedwa": mawu amene akukudanitsani ndi makasitomala

[Kamera ili pa tebulo, pali foni ziwiri ndi buku la malisiti]

Eee abale, mwaswera bwanji, takulandiraninso. Lero ndikulankhula ndi inu amene mumagulitsa foni zogwirapo ntchito pa Facebook ndi pa sitetasi ya WhatsApp, kaya muli ndi kashopu ku Taifa, kaya mumangogulitsira pakhomo ku Chibavi kapena ku Luwinga. Musachoke, chifukwa pakati pa vidiyoyi ndikuwerengerani positi yonse yomwe mutha kungokopera, ndipo pali bodza lina lomwe landitopetsa, lero ndithana nalo.

Tiyambe ndi zachidule, izi ndithamanga. Kasitomala akabwera ndi foni m'manja akuti ndikubweza, nkhani imakhala imodzi mwa zitatu. Wangosintha maganizo, mwina madamu kunyumba akana mtundu wake. Kapena foni inali ndi vuto kale pomwe mumamupatsa. Kapena inali bwinobwino koma yadzawonongeka patapita masiku, apa ndi pomwe pamalowa walanti. Zitatuzi sizofanana ndipo positi yanu iyankhe chilichonse pachokha. Basi, zoyambira ndi zomwezo.

Tsopano bodza lija.

[Pa sikirini palembedwe: KATUNDU AKAGULIDWA SABWEZEDWA]

Mawu awa mwawaona pa lisiti, mwawaona pa khoma la shopu, ena mwawaika mpaka pansi pa chithunzi chilichonse chomwe mumaposita. Ndipo mumagona tulo mukuganiza kuti mwadziteteza. Achimwene, simunadziteteze. Mverani bwino apa.

Choyamba malamulo. Kuno ku Malawi tili ndi Consumer Protection Act ya 2003, tilinso ndi Competition and Fair Trading Act yomwe anaikonzanso mu 2024, ndipo bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likuchenjeza amalonda kuti kuzemba udindo pa katundu wowonongeka ndi kuphwanya lamulo. Ndiye ngati mwagulitsa foni mukuti ndi yabwinobwino koma mawa lake yakana kutchaja, kachiganizo kanu kaja sikakupulumutsani. Choipa kwambiri, munthu akakadandaula, sikirinishoti ya positi yanu yomweyo ndi imene ikhale umboni woti munakana udindo katundu asanatuluke ndi pakhomo pomwe. Mwadzilembera nokha mlandu.

Koma tisiye za malamulo, chifukwa ndikudziwa wina akuti aaa, ndani angapite ku CFTC chifukwa cha foni imodzi. Chabwino. Nanga mawuwo amaletsa munthu kubwera? Ndiuzeni mu komenti, alipo amene kasitomala wake foni itazima anawerenga kuti sabwezedwa n'kunena kuti oo chabwino, ndingokhala? Palibe! Amabwerabe, kungoti amabwera atakwiya kale, atatenga mlamu wake wamatama uja, ndipo popeza simunalembe njira iliyonse yokonzera zinthu, mkangano umayambira pa ziro. Iye akuti ndalama zanga zonse lero lomwe, inu mukuti werengani lisiti, anthu aunjikana pakhonde, wina wayamba kujambula. Madzulo chithunzi chanu chili mu gulupu ya ogula ndi ogulitsa chitalembedwa kuti chenjerani ndi uyu. Mapeto ake mumabwezabe ndalamazo, mbiri itapita kale.

Ndipo pali china chomwe ambiri sachiona. Mawu amenewa amathamangitsa kasitomala wabwino. Mphunzitsi wa ku Rumphi amene akufuna kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba foni asanaigwire, akawerenga kuti sabwezedwa amangoganiza kuti pali chomwe mukubisa, amapita kwa wina. Amene amatsala ndi uja wokonda mikangano, chifukwa iye sawerenga n'komwe.

Tsono musandimve molakwika, sindikuti muzilandira chilichonse. Munthu wagwetsa foni pa kabaza, galasi laphwanyika, si vuto lanu limenelo. Wasintha maganizo patatha sabata ziwiri, mutha kukana. Kusiyana kwake n'koti mukane zinthu zomwe mwazitchula mayina, osati kukana zonse ndi mawu amodzi.

Uuu, ndapsa mtima pang'ono. Ngati mwafika pano dinani laiki, musabusikilaibe, ena mumaonera sabata iliyonse koma kabelu kaja simunakadine, ndikukuonani.

Tipite ku masitepe.

Sitepe 1: Nenani zilema za foni musanafike pa walanti. Mikangano yambiri si ya walanti, ndi ya zomwe simunanene. Ngati sikirini inasinthidwa, lembani. Ngati ndi iPhone, lowani Settings > Battery > Battery Health mujambule nambala ikuonekayo, muike pa positi. Munthu amene wagula akudziwa kuti batire ili pa 81% sangabwere kudzadandaula kuti moto sukukhalitsa, anaona yekha.

Sitepe 2: Masiku, ndipo ayambira liti. Osalemba kuti "walanti ilipo", zimenezo si kanthu. Lembani nambala. Ndipo nenani ngati mukuwerenga kuchokera tsiku lomwe walipira kapena lomwe walandira, chifukwa foni yopita ku Chitipa pa koriya itha kutenga masiku angapo panjira, ndiye mukamupatsa masiku 3 kuyambira tsiku lolipira ndiye kuti simunamupatse kanthu. Ine ndimati tsiku lolandira, ndi chilungamo.

Sitepe 3, iyi ndiyaitali, pirirani. Mungadziwe bwanji kuti vuto ndi la foni kapena wapangitsa ndi mwini wake, ndipo mungadziwe bwanji kuti foni yabwerayi ndi yomwe munagulitsa? Chifukwa tinene zoona, makasitomala ena nawo ndi akathyali. Amagula foni yofanana ndi yake yakufa, n'kukubweretserani yakufayo. Mankhwala ake ndi IMEI, nambala yapadera ya foni iliyonse. Imbani *#06# itulutsa nambala ya madijiti 15, mulembe pa lisiti, onse awiri muione. Osaika nambala yonse pa positi ya aliyense ayi, pa positi mungolemba kuti IMEI imalembedwa pa lisiti, wakuba akawerenga zimenezo amakutayani yekha.

[Kamera iyandikire, atulutse kathireyi ka simu]

Kenako madzi. Kuno ku Mzuzu ndi mvula yathuyi, foni zonyowa ndi zambiri. Foni zambiri za Samsung ndi iPhone zili ndi kachizindikiro koyera mkati mwa polowera simu, kakakhudzidwa ndi madzi kamafiira. Onani apa, kanga kadakali koyera. Jambulani musanapereke. Ikabwera katafiira, nkhani yatha popanda kukuwa, bola munalemba kuti madzi sali mu walanti. Chimodzimodzi yotsegulidwa ndi wokonza wina, anthu ena amakonda kuyamba apita kwa mnyamata wa pamsika aigwiregwire, ikakanika ndi pomwe akukukumbukirani inu. Ikani kasitika pa kasikuluwu kapena m'mbali, ndipo munene kuti kakang'ambika walanti yatha. Pa Samsung zambiri mutha kuimbanso *#0*# muyese sikirini, tachi ndi sipika kasitomala akuona, kapena mujambule kavidiyo ngati ali kutali.

Sitepe 4: Mudzachita chiyani vuto likapezeka. Kukonza, kusintha, kapena kubweza ndalama, ndipo chiyamba ndi chiti. Komanso thiransipoti alipira ndani. Kameneka kamaoneka kakang'ono koma ndi kamene kamadanitsa anthu.

Tsopano positi ija ndinalonjeza. Tiyerekeze ndikugulitsa Samsung yogwirapo ntchito pa K280,000. Pansi pa zithunzi ndilemba chonchi:

"Foni yogwirapo ntchito, sikirini ndi yake yeniyeni, kumbuyo kuli kokalika pang'ono, onani chithunzi chachitatu. Walanti masiku 14 kuyambira tsiku lomwe mwalandira. Ikukhudza kukana kutchaja, kuzima yokha, netiweki, sipika ndi kamera. Sikukhudza kugwa, madzi, kapena foni yotsegulidwa kwina. Vuto likaoneka tumizani kavidiyo pa WhatsApp masikuwo asanathe. Tiyamba takonza pa masiku 5, zikakanika tisintha ndi ina yofanana, ikasowa tibweza ndalama zonse. Ngati vuto ndi la foni thiransipoti ndi yathu. Ngati mwangosintha maganizo, bwezani pasanathe masiku 2 ili momwe inaliri, thiransipoti ndi yanu ndipo tichotsa K10,000. IMEI imalembedwa pa lisiti."

Imikani vidiyo, kopelani, musinthe manambala agwirizane ndi bizinesi yanu. Ndaiikanso mu komenti yoyamba.

Ndiye tiyese. Mayi wa ku Karonga walandira foniyi Lachiwiri, tsiku lachisanu ndi chinayi akutumiza uthenga kuti yasiya kutchaja. Simuyamba ndi "munaitani". Mumati mayi pepani, tumizani kavidiyo mukuyesa ndi tchaja ina, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala kebulo kapena fumbi polowera tchaja. Yakanabe, aitumize. Yafika, mwaimba *#06# nambala ikugwirizana, kachizindikiro kadakali koyera, sitika ili bwino. Ndiye ndi yanu imeneyo, konzani, mubweze ndi ya koriya yomwe analipira. Mwataya ndalama pang'ono inde, koma palibe wakutukwanani. Ikanafika katafiira mukanamutumizira zithunzi ziwiri, cha tsiku logulitsa ndi cha lero, pamodzi ndi mzere uja woti walanti sikukhudza madzi, n'kumuuza mtengo wokonzetsa ngati akufuna.

Kanthu kena, musalonjeze masiku oposa omwe mungakwanitse. Ngati amene amakupatsani katundu, kaya ndi wa ku Kyela kaya ku Dar es Salaam, sakulandiranso chilichonse chikangodutsa pa Songwe, ndiye kuti walanti yonse ikutuluka m'thumba lanu, muiwerengere mu mtengo. Ndipo osalemba "walanti ya chaka chimodzi" pa foni yakale chifukwa choti pabokosi palembedwa choncho, ya kampaniyo mwina inatha kalekale kapena siigwira ntchito kuno. Nenani momveka kuti iyi ndi walanti ya ine wogulitsa.

Sitepe 5: kasitomala asanalipire mutumizireni mawu omwewo pa WhatsApp, ayankhe kuti ndavomera. Mwalemba, osati voisi noti. Positi imasinthika, sitetasi imafufutika pakatha maola 24, koma uthenga uja umatsala.

Za lisiti, tili ndi mabuku a malisiti okhala ndi mpata wa IMEI ndi masiku a walanti, ndi awa ali pa tebulowa, ofuna andipeze ku inibokosi, a m'tauni muno tikumana, akutali titumiza.

Sabata yamawa tikamba za mabatire a sola ndi mainiveta, kumeneko nkhani ya walanti ndi yovuta kuposa apa chifukwa munthu amatha kupha batire pa mwezi umodzi osadziwa. Amene mumagulitsa zovala za kaunjika mwakhala mukufunsa zanu, lembani mu komenti kuti mumatani wina akati sinandikwane, tizitenge m'vidiyo ina. Sheyani kwa mnzanu uja amene mpaka lero akadali ndi chikwangwani chija pakhoma. Tionana.