Buku lachiwiri la bizinesi yothandiza anthu

Zikomo amayi ndi abambo. Ambiri mwa inu mukukonza pulani ya bizinesi yoti izipeza phindu kwinaku ikuthandiza anthu. Bizinesi yotere imayenda ndi mabuku awiri. La ndalama mukulidziwa kale, zolowa, zotuluka ndi zotsala. Lero tikambe za lachiwirilo, lolembamo zimene zasintha pa moyo wa anthu amene mukuwagulitsa katundu, chifukwa ambiri amalilemba molakwika.

Tiyerekeze kuti gulu lanu likugulitsa nyale za sola, anthu n'kumalipira pang'onopang'ono. Chaka chatha, mwagulitsa nyale 200. Ambiri amathamangira kulemba kuti tathandiza mabanja 200. Ayi ndithu. Nambala imeneyo ndi ya malonda, malo ake ndi m'buku la ndalama. Nyale ina inafa mwezi wachitatu, ina munakailanda mwini wake atalephera kulipira. Mabanja amenewo mwawathandiza chiyani?

Ndiye m'pulanimo sankhani chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti munthu angathe kuwerenga. Mawu oti moyo watukuka sawerengeka. Koma makandulo amene banja limagula pa mwezi amawerengeka, ndipo nyale ikayaka kapena ikapanda kuyaka, maso amaona.

Funso la makandulolo mulifunse tsiku lomwelo munthu akugula, nyale isanalowe m'nyumba. Mukadikira chaka, aiwala, angokuuzani zongoganizira. Tinene kuti ogula anu amagula makandulo 10 pa mwezi. Pakapita miyezi 6, lembani manambala a malisiti onse pa timapepala, muike m'chidebe, mutole 40 mwamaere. Amenewo ndiwo mukawayendere, kaya ali kutali, kaya anakwiya nanu. Mukasankha nokha, mtima umakukokerani kwa kasitomala amene amakulandirani ndi kumwetulira.

Mwapita, mwapeza nyale 30 zikuyaka, 10 sizikugwira ntchito. Ndiye kuti pa nyale 200 zija, zimene zikuthandiza anthu ndi pafupifupi 150. Mwawerenganso makandulo m'mabanja onse 40, kuphatikizapo a nyale zakufa aja, ndipo mwapeza kuti banja lililonse likugula pafupifupi 4 pa mwezi. Atsika ndi 6.

Apa mvetserani bwino, chifukwa 6 ameneyo si wanu yense. Kuyambira pachiyambi muyenera kutsatiranso mabanja ena 40 ofanana ndi ogula anu, koma amene sanagule nyale. Tinene kuti iwonso anali pa 10, lero ali pa 8. Mwina makandulo anakwera mtengo, mwina anthu ayamba kuunikira ndi foni. Awiri amenewo akanatsika ngakhale bizinesi yanu pakanapanda. Chotsani 2 pa 6, patsala 4. Chimene mungalembe ndi mtima woyera ndi chakuti nyale yanu yachepetsa makandulo 4 pa mwezi pa banja.

Zimenezi zinachitikapo pa nkhani ya ngongole zing'onozing'ono. Muhammad Yunus ndi banki ya Grameen ya ku Bangladesh, imene anaiyambitsa kuti izipereka ngongole zotere kwa osauka, analandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 2006, ndipo anthu ambiri ankaona kubweza bwino ngongole ngati umboni wakuti umphawi ukutha. Mu 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'maiko 6, Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco, woyerekeza amene anapatsidwa mwayi wa ngongole ndi amene sanapatsidwe. Anapeza kuti ngongole zinathandiza ena kukulitsa timabizinesi, koma ndalama zimene mabanja ambiri amapeza sizinakwere kwenikweni. Munthu angathe kubweza ngongole mokhulupirika moyo wake uli pomwepo.

Mayi kumbuyoko afunsa kuti wokafunsa mafunsowa akhale ndani. Asakhale amene amatolera ndalama, mayi. Munthu amene ali nanu ngongole sanganene kuti nyale yanu ndi yachabechabe, akuopa kulandidwa. Tumani wina, ndipo asangofunsa, apemphe kuti amuyatsire nyaleyo aione. Ndalama yoyendera ndi malipiro ake zilembedwe m'pulani ngati mmene mumalembera lendi, apo ayi mwezi woyamba kuvuta ntchito imeneyi ndiyo iyamba kusiyidwa.

Tsiku lina mabuku awiriwa adzatsutsana. Phindu lidzakwera chifukwa ogulitsa anu azindikira kuti anthu opeza bwino amalipira msanga. Mudzadziwira pa funso la tsiku logula lija: ogula atsopano ambiri adzayankha kuti sagula makandulo n'komwe, ali kale ndi magetsi. Choncho gwirizanani lero, ndalama zisanayambe kukoma, kuti pa ogula 10 aliwonse angati akhale ochokera m'nyumba zopanda magetsi. Nambalayo ilembedwe m'malamulo a gulu, ndipo pa msonkhano wa miyezi itatu iliyonse mlembi aziiwerenga msungichuma akangomaliza lipoti la ndalama.