Mapepala ofunika popempha viza ya ntchito yophunzirira kunja: zomwe zinakambidwa pamsonkhano wa Amalawi ku Johannesburg

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo, ndiponso inu achinyamata amene mwadzaza mipando yakumbuyoko. Ndapemphedwa kuti ndifotokoze za mapepala amene munthu amafunika kukhala nawo akapeza mwayi wokaphunzira ntchito pakampani ya kudziko lina kwa miyezi yowerengeka, zimene ambiri timazitchula kuti intenishipu. Dziko lililonse lili ndi mndandanda wakewake, choncho ndisankha dziko limodzi, la Jeremani, ndipo tiyenda ndi munthu mmodzi wongoyerekeza kuyambira tsiku limene walandira uthenga woti wasankhidwa. Mfundo yanga ndi yakuti anthu ambiri savutika chifukwa chosowa pepala, koma chifukwa mapepala awo amatsutsana pa madeti ndi maina, kapena lina limatha mphamvu pamene linzake likudikiridwa.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Mzimba amene akuphunzira uinjiniya payunivesite ina muno mu Johannesburg, ndipo kampani ina ya mumzinda wa Stuttgart yamuitana kuyambira pa 1 Julayi mpaka pa 31 Disembala. Choyamba chimene ayenera kuchita ndi kuwerenga masiku. Mayiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, otchedwa chigawo cha Schengen, momwe muli Jeremani, amapereka viza yaifupi kwa munthu wokakhala masiku osapitirira 90 m'kati mwa masiku 180. Mtsikana wathuyu akakhala miyezi isanu ndi umodzi, kotero akufunika viza yaitali ya dziko la Jeremani lenilenilo, imene ili ndi fomu yake ndi mndandanda wake, ndipo malipiro ake ndi mayuro 75, pamene a viza yaifupi ndi mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024. Munthu akasokoneza ziwirizi amataya tsiku limene anapatsidwa lokaonekera, n'kuyambiranso kudikira.

Tsopano tifike pa nkhani imene imatikhudza ife okhala kuno kuposa abale athu a kumudzi. Munthu amapempha viza ku ofesi ya kazembe ya m'dziko limene akukhalamo movomerezeka. Mwini pasipoti ya Malawi akapita kukapempha ku Pretoria, ayenera kuonetsa pemiti ya South Africa imene ikugwirabe ntchito, kaya ndi yasukulu, yantchito kapena yokhazikika. Chidindo cha mlendo chimene munthu amalandira pa Beitbridge si umboni woti amakhala kuno. Ndinene mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti ena simukondwera nazo: ngati masiku anu anatha kale, musayambe ndi viza ya ku Ulaya. Malamulo a dziko lino amati munthu wopitiriza masiku osaposa 30 amaletsedwa kubwereranso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu, choncho ulendo wa miyezi isanu ndi umodzi ukhoza kukutsekerani khomo la sukulu yanu.

Mtsikana wathu ali ndi pemiti yasukulu, koma akaiyang'ana akupeza kuti ikutha pa 31 Disembala, tsiku lomwelo limene ntchito yake ikutha ku Stuttgart. Woona mapepala adzafunsa kuti iyeyu akabwerera kuti, popeza pofika pa bwalo la ndege la OR Tambo adzakhala alibe chilolezo chokhalira kuno. Njira zilipo ziwiri. Akhoza kuwonjezera pemiti yake asananyamuke, atatenga kalata ya kuyunivesite yosonyeza kuti maphunziro ake akupitirira chaka chamawa, kapena akhoza kusonyeza kuti akamaliza adzapita ku Malawi. Chimene sayenera kuchita ndi kusiya funsoli lopanda yankho m'mapepala ake.

Pasipoti nayo ili ndi muyeso wake. Lamulo la viza ya Schengen limafuna kuti pasipoti ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndiponso ikhale ikugwirabe ntchito kwa miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka m'chigawocho, ndipo ndi nzeru kutsata muyeso womwewo pa viza yaitali. Tinene kuti pasipoti ya mtsikanayu ikutha mu Febuluwale chaka chamawa. M'maso mwake ikuoneka yamoyo, koma kuwerenga miyezi itatu kuchokera pa 31 Disembala kukutifikitsa pa 31 Malichi, ndiye kuti yaperewera. Apa ndi pamene ntchito imakula, chifukwa pasipoti yatsopano imachokera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka ya ku Malawi, ngakhale mutayambira kufunsa ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku ofesi yathu ya muno mu Johannesburg. Ikabwera, imabwera ndi nambala ina, pamene pemiti ya South Africa yamatidwa mu pasipoti yakale, ndipo pamafunika kupempha a Home Affairs kuti aisamutsire mu yatsopano. Kalata iliyonse imene inalembedwa ndi nambala yakale iyeneranso kukonzedwa. N'chifukwa chake pasipoti imayang'anidwa tsiku loyamba, kampani isanalembe chilichonse.

Pepala limene limanyamula pempho lonse ndi mgwirizano wa pakati pa wophunzira ndi kampani. Uthenga wa pafoni woti mwasankhidwa si mgwirizano. Pamafunika chikalata chosainidwa ndi mbali zonse ziwiri, chotchula dzina lanu monga lilili mu pasipoti, tsiku loyamba ndi lomaliza, maola ogwira ntchito pasabata, ndalama zimene muzilandira pamwezi, malo antchito, ndi zimene mukaphunzire. Mbali yomalizayi musaipeputse. Woona mapepala amafuna kutsimikiza kuti uku ndi kuphunzira, osati ntchito wamba imene yangopatsidwa dzina lina, choncho amayerekeza zolembedwa mu mgwirizano ndi kalata ya kuyunivesite. Kalata ya kuyunivesiteyo inene kuti ndinu wophunzira wolembetsedwa, muli chaka chachingati, mukuphunzira chiyani, ndiponso ngati ntchito yophunzirirayi ndi gawo lokakamizidwa la maphunziro anu kapena mwangoifuna nokha. Wophunzira uinjiniya amene mgwirizano wake ukunena za kulandira alendo pahotela adzavutika kufotokoza.

Ku Jeremani kulinso bungwe la boma loona za ntchito, lotchedwa Bundesagentur für Arbeit, limene pa mitundu yambiri ya ntchito zophunzirira liyenera kuvomereza munthu wochokera kunja kwa mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya asanayambe. Kupempha chivomerezo chimenechi ndi udindo wa kampani, osati wanu. Mtsikana wathu alembere kampani n'kufunsa ngati chivomerezocho chikufunika pa ntchito yake, ndipo ngati chikufunika, amutumizire chikatuluka. Makampani ang'onoang'ono amene sanalandirepo wophunzira wochokera ku Africa nthawi zina sadziwa n'komwe za pepalali.

Tibwere ku ndalama, ndipo apa tiwerengere limodzi. Muyeso umene Jeremani inaika kwa ophunzira mu Seputembala 2024 ndi mayuro 992 pamwezi, koma chiwerengerochi chimasintha, choncho muziona chimene chili pamndandanda wa ofesi ya kazembe pa nthawi imene mukupempha. Tiyerekeze kuti kampani izimupatsa mtsikanayu mayuro 700 pamwezi. Akuperewera mayuro 292 mwezi uliwonse, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi zikukwana mayuro 1,752. Ndalama zoperewerazi ndi zimene ayenera kusonyeza komwe zichokere. Njira ina ndi akaunti yotsekedwa, imene pamafomu mudzaiona italembedwa kuti Sperrkonto, momwe munthu amaikamo ndalama zonse pasadakhale n'kumatapamo gawo la mwezi umodzi basi. Njira ina ndi kalata ya bungwe lomulipirira maphunziro, kapena chikalata chimene munthu wokhala ku Jeremani amasaina ku ofesi ya boma kumeneko polonjeza kumusamalira.

Pa masitetimenti a kubanki, amene kawirikawiri amafunidwa a miyezi itatu yapitayi, ndili ndi chenjezo kwa inu makolo ndi amalume. Ife tili ndi chizolowezi chabwino chosonkherana, kaya m'chipereganyu kaya pachibale, koma akaunti imene yakhala ndi marandi ochepa kwa miyezi iwiri n'kudzaza mwadzidzidzi kutatsala sabata imodzi imaoneka ngati ndalama zobwereka zongoonetsa. Ngati amalume ndi amene akuthandiza, alembe kalata yonena zimenezo, aphatikizepo masitetimenti awo ndi umboni wa ntchito yawo, kuti ndalama ikhale ndi mwini wodziwika.

Inshuwalansi yachipatala ndi yachidule kufotokoza. Pa viza yaifupi iyenera kufika mayuro 30,000 ndi kugwira ntchito m'mayiko onse a Schengen. Pa viza yaitali chachikulu n'chakuti iyambe tsiku lofika, osati tsiku loyamba ntchito, chifukwa mtsikanayu akatera pa 27 Juni inshuwalansi yake n'kuyamba pa 1 Julayi, pali masiku anayi opanda chitetezo. Zithunzi zikhale zatsopano, za mamilimita 35 m'lifupi ndi 45 m'litali, ndipo munthu amakaonekera yekha kuti akatengedwe zidindo za zala.

Mayiko ena, monga Belgium pa viza yaitali, amafunanso kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu pamodzi ndi kalata ya dokotala. Kuno kalata ya kupolisi imayambira kupolisi ya kudera lanu, komwe amatenga zidindo za zala n'kuzitumiza ku likulu losunga mbiri ya milandu ku Pretoria, ndipo imatenga masabata angapo. Amene mwakhala kuno zaka zochepa mukhoza kufunsidwanso ina ya ku Malawi. Ngati mndandanda ukunena kuti chikalata chikhale ndi chidindo chotchedwa Apostille, chimene chimatsimikizira mayiko ena kuti chikalatacho ndi chenicheni, dziwani kuti chidindo chimene apolisi amaika pafotokope sichilowa m'malo mwake. Pa kalata ya kupolisi ya kuno, chidindocho chimaikidwa ndi unduna woona za maubale ndi mayiko ena, DIRCO, ku Pretoria.

Chotsala ndi maina. Ambiri a ife tili ndi satifiketi ya MSCE yolembedwa mwina, pasipoti yolembedwa mwina, ndi khadi la kuyunivesite lolembedwanso mwina: pena chilembo cha h chasowa, pena dzina la agogo lalowa m'malo mwa la bambo, pena tsiku lobadwa lasiyana ndi chaka chimodzi. Yalani mapepala onse patebulo, muwerenge chilembo ndi chilembo poyerekeza ndi pasipoti. Zimene zingakonzedwe, monga mgwirizano ndi kalata ya kuyunivesite, zikonzedwe, ndipo pa zimene sizingasinthe mulumbire kalata pamaso pa wolumbiritsa yofotokoza kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi.

Kwa mtsikana wathu, ndondomeko ikhale yotere: mu Januwale ayambe za pasipoti ndi pemiti, mu Febuluwale ndi Malichi atenge mgwirizano, kalata ya kuyunivesite ndi chivomerezo cha bungwe la zantchito, ndipo nthawi yomweyo apemphe tsiku lokaonekera la mu Epulo, popeza viza yaitali imatenga masabata angapo kuti iyankhidwe. Masitetimenti a kubanki ndi zithunzi atenge kutatsala masiku ochepa kuti akaonekere, kuti zisafike zitakalamba. Tikiti ya ndege asailipire viza isanatuluke, ndipo ikatuluka aone dzina, nambala ya pasipoti ndi madeti pa chomata cha vizayo asanachoke pakhomo pa ofesiyo. A wapampando, ndalekeza pamenepa kuti tilandire mafunso.