Makalata a omvera: funso la pa chithunzi likakhala lokayikitsa

"Achimwene, ine ndili ku Mchinji, ndimathandiza mphwanga wa Fomu 2 masamu pa foni, amangojambula funso n'kunditumizira pa watsapu. Dzana watumiza thirayango ya mbali 3 cm, 4 cm ndi 8 cm, ati ndipeze eliya yake. Ndasova mpaka usiku sizikutuluka. Funso ndi lolakwika kapena mbuli ndine?"

Ayi achimwene, simuli mbuli, thirayango imeneyo kulibe pa dziko pano. Thyolani timitengo titatu pa miyezo imeneyo muyese kutilumikiza pansi, tiwiri tatifupito sitikumana olo mutatigoneka bwanji, chifukwa 3 kuphatikiza 4 ndi 7 basi, pomwe mbali yayitali ndi 8. Mbali ziwiri zazifupi mukaziphatikiza zimayenera kuposa yayitaliyo, zikapanda kutero dziwani kuti pali nambala yomwe yalakwika, kaya polemba kaya pojambula.

Ndiye musathamangire kumuuza mwana kuti aphunzitsi ako alakwitsa. Kulitsani kaye chithunzicho ndi zala muone pa ngodya pomwe 3 ndi 4 akumana, pali kabokosi kakang'ono? Ngati kalipo ndiye kuti ngodyayo ndi ya madigiri 90, lamulo la Pythagoras likugwira ntchito: 9 + 16 = 25, mbali yayitali ndi 5. Ndipo 5 ndi 8 pa pepala la fotokope lomwe inki inathimbirira, kuwonjezera dzanja lonjenjemera pojambula, amafanana ngati mapasa. Chosangalatsa n'choti kabokosiko kakakhalapo eliya siifunanso mbali yayitali ija, ½ × 3 × 4 = 6 cm², mwamaliza.

Koma pomutumizira musangolemba 6 yekha ayi. Yambani ndi mawu awiri atatu: "Pa chithunzi ndikuona 8 cm, koma ndi 8 thirayango singatheke popeza 3 + 4 ndi 7. Ndatenga kuti ndi 5 chifukwa cha kabokosi ka pa ngodya. Tayang'ananso papepala lako." Kenako masitepe, kenako ansala. Ambiri amangokonza nambala mwakachetechete, mwana n'kukopera, mawa kukalasi apeza kuti nambala ija inali 6, ndipo ndi 6 thirayango imatheka bwinobwino koma si ya madigiri 90, eliya yake ili cha m'ma 5.3 cm². Mwana uja sadziwa pomwe zasiyanira, amangoti achimwene anandinamiza, ulemu wanu n'kuthera pomwepo.

Kalata ina yachokera ku Zomba. "Ankolo, ndili Fomu 4, ndikukonzekera MSCE. Mnzanga watumiza x² − 5x kenako pepala linapindika, chizindikiro sichikuoneka, kenako 6 = 0. Foni yake yazima. Ndiike pulasi kapena mayinasi?"

Eee mwana wanga, iyi ndi yovutirapo kusiyana ndi ya ku Mchinji ija. Kuja nambala yolakwika inadziulula yokha, apa zonse ziwiri zikusoveka mosalala, palibe chokuchenjeza kuti wasochera. Ukaika pulasi, x² − 5x + 6 = 0 imakhala (x − 2)(x − 3), x ndi 2 kapena 3. Ukaika mayinasi, x² − 5x − 6 = 0 imakhala (x − 6)(x + 1), x ndi 6 kapena −1. Ansala zinayi zonse ndi zoyera, zopanda madesimo, ndiye sungati iyi ikuoneka yabwino ndiye yoona.

Apa kulotera ayi. Yang'ana m'munsi mwa chithunzicho ngati pali A, B, C, D, mwina imodzi yokha mwa ziwirizi ndiyo ilipo pa mayankho, nkhani yatha. Ngati palibe, sova zonse ziwiri, ulembe pamwamba kuti chizindikiro cha kutsogolo kwa 6 sichikuoneka, ngati ndi pulasi ansala ndi iyi, ngati ndi mayinasi ndi iyo. Ndi mizere inayi yokha, inki siikutha.

Mnzakoyo akatchaja foni umuuze ajambulenso, koma usangoti "sizikuoneka", akutumiziranso chomwecho. Umuuze kuti pakati pa 5x ndi 6 ndi pomwe pabisika, awongole pepala patebulo, atsindire ndi kapu, azimitse fulashi chifukwa pa pepala loyera imangowalitsa malo amodzi, ajambule panja pamthunzi tsamba lonse ndi malangizo a pamwamba omwe. Kapena angokulembera funsolo pa meseji, koma x² alembe x^2, ena amalemba x2 ndiye mumayambanso mkangano wina.