Masamba ena musawakongoletse, muwauze Google kuti awasiye

Chabwino, tiyeni tipitirize, amene muli kumbuyoko mukundimva eti? Tisanapume tinakamba zolemba title ndi description zokopa anthu pa Google. Ndiye ndaona ena mwayamba kale kulemba pa tsamba lililonse la webusaiti yanu. Dikirani kaye. Funso loyamba ndi lakuti, kodi tsambali ndikufuna munthu alipeze akasaka pa Google? Ngati yankho ndi ayi, description mukulembera ndani?

Titenge shopu yogulitsa mapepala a mayeso akale pa intaneti. Munthu walipira, ndiye webusaiti imamupititsa pa tsamba lakuti zikomo pogula, pamenepo ndi pomwe pali linki yotsitsira fayilo. Tsopano mwini shopu mwa khama lake walemba title yabwino pa tsamba limeneli, mapepala a mayeso a masamu tsitsani apa, waliikanso mu sitemap.xml, fayilo ya mndandanda wa masamba amene mukufuna Google iwatenge. Google yalitenga. Mwana wasukulu akusaka, akufikira pomwepo, akutsitsa osalipira ngakhale tambala. Khama lija lamulowetsera akuba pakhomo. Chimodzimodzi tsamba la basiketi, tsamba lolowera ndi pasiwedi, komanso masamba a zotsatira munthu akasaka mkati mwa webusaiti yanu momwemo, amenewa palibe mlendo amene angapindule nawo atafikirapo kuchokera ku Google.

Masamba oterewa timawaikira mzere umodzi basi, mkati mwa gawo la head la khodi ya HTML ya tsambalo:

```html
<meta name="robots" content="noindex">
```

Mzerewu ukuuza makina osakira kuti tsambali mwaliona inde koma musaliike m'ndandanda wa zotsatira. Mukatero mulichotsenso mu sitemap.xml, chifukwa sitemap imati bwerani mudzatenge ili, ndiye simungamaitane uku mukukaniza.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amagwa, mvetserani bwino. Munthu amati kuti nditsimikize nditsekenso ndi robots.txt, fayilo youza makina osakira masamba oti asawatsegule, nkulemba Disallow pa tsamba lomwelo. Zolakwika zimenezo. Disallow imaletsa Googlebot, pulogalamu ya Google yoyendera masamba, kutsegula tsambalo, ndipo ngati sinalitsegule, noindex yanu ija iiwerenga bwanji? Zili ngati kulemba chikwangwani nkuchikhoma mkati mwa nyumba yokiya. Zotsatira zake adiresi ya tsamba ikhoza kumaonekabe pa Google, yopanda malongosoledwe pansi pake, makamaka ngati kwinakwake kuli linki yolozera kumeneko. Mu Search Console, chida cha Google chokuonetsani mmene ikuonera webusaiti yanu, mudzaona mawu akuti "Indexed, though blocked by robots.txt", mukangoona amenewo dziwani kuti ndi vuto lomweli. Chotsani Disallow, siyani noindex yokha, Googlebot ikabweranso idzawerenga nkulichotsa tsambalo. Ndipo kulemba noindex mkati mwa robots.txt momwemo musayese, Google inasiya kulabadira zimenezo pa 1 Sepitembala 2019, ngakhale mupeza malangizo akale akunenabe choncho.

Mayi mwakweza dzanja, funsani.

"Nanga fayilo ya PDF yeniyeniyo, poti ilibe head?"

Eya, mwafunsa bwino. PDF kapena chithunzi simungaikemo mzere uja, ndiye lamulolo limatumizidwa ndi seva pamodzi ndi fayiloyo:

```
X-Robots-Tag: noindex
```

Izi auzeni amene amakusungirani webusaiti akuikireni. Koma mayi ndikuuzeni chilungamo, pa nkhani ya mapepala ogulitsa ija noindex payokha siikwanira. Ndi pempho chabe kwa makina osakira, si loko. Amene ali ndi linki atsegulabe, ndipo linki ikangolowa mu gulupu ya WhatsApp basi yapita. Chinthu chogulitsa kapena chachinsinsi, monga mayina ndi manambala a mamembala a banki m'khonde, chikhale kuseri kwa pasiwedi.

Ngozi ina ndi ya mbali inayo, kuiwala noindex pamene siikufunika. Amene mumagwiritsa WordPress, pitani ku Settings kenako Reading, pali kabokosi kolembedwa "Discourage search engines from indexing this site". Opanga mawebusaiti amachongamo nthawi imene akumanga, ndi bwino ndithu, koma tsiku lotsegulira ena amaiwala kuchotsa, ndiye webusaiti yonse imakhala ndi noindex ndipo mwini wake amangodabwa kuti bwanji ngakhale dzina la bizinesi yake silikutuluka, nkumasinthasintha ma title pachabe. Kuti muone, tsegulani tsamba pa kompyuta, dinani Ctrl+U, kenako Ctrl+F musake mawu akuti noindex. Kapena ikani adiresi mu URL Inspection ya Search Console, ikakuuzani kuti "Excluded by 'noindex' tag" pa tsamba lanu lalikulu, vuto mwalipeza. Mukachotsa dinani Request indexing, koma musayembekeze lero lomwe, zimatha kutenga masiku kapena masabata.

Bambo pakonapo munafunsa za chitenje chimodzi chokhala ndi maadiresi atatu chifukwa cha mitundu. Pamenepo noindex ayi, chifukwa chitenjecho mukufuna chipezeke, chofunika ndi rel="canonical" kuloza adiresi imodzi. Tsegulani malaputopu tione tsamba la aliyense, tiyambe mzere wakutsogolowu.