Mwayamba Enalapril kapena Losartan? Bwererani tikuyezeni magazi

Moni amayi ndi abambo a gulu lathu la bipi kuno ku Dedza. Ndine wazachipatala uja timaonana ku kiliniki. Tengani pepala la mankhwala anu muone dzina. Ngati palembedwa Enalapril, Captopril, Lisinopril, kapena Losartan, uthengawu ndi wanu.

Tikakuyambitsani mankhwala amenewa, kapena tikangowonjezera mlingo wake, mubwerere pakatha sabata imodzi kapena awiri kuti tikutengeni magazi a pamkono. Musadikire mwezi wa sikelo. Timayeza zinthu ziwiri: kiriyatinini, amene amatiuza mmene impso zikusefera, ndi mchere wa m'magazi wotchedwa potaziyamu.

Chifukwa chake n'chiyani? Inu a kudimba mundimva msanga. Mukafuna kuti madzi a mu ngalande alowe m'mabedi, mumatchinga kumunsi ndi chibuma, madzi n'kukwera. Impso nazo zimatero. Kasefa kalikonse ka mu impso kali ndi mtsempha wolowetsa magazi ndi wina wotulutsa, ndipo thupi limafinya wotulutsawo kuti magazi akankhe mwamphamvu pa sefa. Mankhwalawa amamasula mtsempha wotulutsa uja, ngati kugumulako chibuma. Kwa anthu ambiri zimenezi n'zabwino zedi, sefa imapuma, n'chifukwa chake timakonda kuwapatsa a shuga amene impso zawo zayamba kutaya mapuloteni mu mkodzo. Koma kwa munthu amene madzi achepa m'thupi, kapena mitsempha yopita ku impso zake ndi yopanikizika kale, kusefa kumatsika mopitirira. Ameneyo sitingamudziwe pongomuyang'ana nkhope, ayi. Amatiuza ndi magazi.

Ndipereke chitsanzo. Tinene kuti bambo wina tisanamuyambitse, kiriyatinini wake anali 100. Patatha masabata awiri wafika 120. Pamenepo sitichita mantha, kukwera kosapitirira 30 peresenti timakuyembekezera. Apitirize kumwa, tidzayezanso. Koma akafika 150, ndiye kuti wakwera ndi theka lathunthu. Timakhala naye pansi: mwatsegula m'mimba kodi? Mukumwa chiyani china? Kenako timachepetsa kapena kuimitsa mankhwalawo, n'kuyezanso posachedwa. Mwaona kuti popanda nambala yoyamba ija, yachiwiriyi sitingaimasulire bwino. Choncho onetsetsani kuti zotsatira zonse zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala, ndipo bukulo musalisiye kunyumba.

Tsopano potaziyamu, ndipo apa ndi pamene mtima wanga uli. Impso ndizo zimataya potaziyamu wotsala kudzera mu mkodzo, koma mankhwalawa amachepetsa kutayako. Mlingo wabwino ndi kuyambira 3.5 kufika cha pa 5.0. Ukapitirira 5.5 timasintha mankhwala, ukafika 6.0 timaimitsa tsiku lomwelo ndi kuthandiza munthuyo mwachangu, chifukwa potaziyamu wochuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kuuimitsa. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri samapweteka. Munthu akulima bwinobwino, bipi yatsika, iye akuti ndachira. Ena amamva miyendo kulefuka kapena mtima kugunda modumphadumpha, koma zikafika apo ndiye kuti zapita kale patali. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Pali mankhwala amene akaphatikizana ndi awa amakweza vutoli. Bakitirimu, amene ambiri a ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, amasungitsa potaziyamu m'thupi. Musamusiye nokha, koma tiuzeni kuti mukumwa, kuchipinda timakhala awiriwiri. Spironolactone wa odwala mtima nayenso chimodzimodzi. Ndiye bulufeni ndi anzake ogula pa golosale msana ukamawawa: amenewo amachepetsa magazi olowa mu sefa, pamene mankhwala a bipi amasula kotulukira. Madzi akulowa ochepa, chibuma chagumuka, m'bedi mufika chiyani? Pa ululu imwani panado.

Ena mwandifunsa za kachewere, tomato ndi nthochi, poti zili ndi potaziyamu wambiri. Ngati impso zanu zili bwino, idyani, musadzimane chakudya cha kwathu kuno. Tidzakuuzani zochepetsa ngati magazi asonyeza kuti potaziyamu wakwera.

Mukatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri moti simukutha kumwa madzi okwanira, lekani kaye mankhwala a bipi aja, imwani thanzi, mubwere tikuoneni. Nthawi zambiri timayambiranso mukatha tsiku limodzi kapena awiri mukudya ndi kumwa bwino. Amayi, ngati mwaima kapena mukufuna kutenga mimba, nenani msanga, mankhwalawa amavulaza mwana m'mimba ndipo tikusinthirani ena.

Ndikudziwa kuti kwa inu ochokera ku Bembeke, ku Mayani kapena kumunsi ku Mtakataka, thiransipoti yofikira pa boma si yamasewera. Funsani pa chipatala chanu chaching'ono ngati angakutengeni magazi n'kuwatumiza. Ngati sangathe, konzekeranitu ulendowo tsiku lomwe mwalandira mankhwala. Zotsatira zikakhala bwino, tizidzayezanso mwina kamodzi pachaka, kapena pafupipafupi ngati impso zanu n'zofooka kale.

Amene mwayamba mwezi uno ndipo simunayezedwe, bwerani sabata ino, mutenge buku ndi mapepala a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula nokha. Zikomo.