Mtedza, madzi ndi tulo: zomwe khungu limamva ndi zomwe silimva

Amfumu, amayi ndi abambo, zikomo potilandira pansi pa mtengo uno dzuwa lisanalimbe. Amene muli chakumbuyo sunthirani kuno kumthunzi.

Tiyambe ndi mawu amene amamveka kwambiri kwa achinyamata, akuti mtedza umatulutsa ziphuphu. Mtsikana akangoona timatuza pachipumi amasiya nsinjiro, amasiya chiponde, mwina amayi ake nawonso amamuuza kuti magazi ake ndi oipa. Umboni woti mtedza umayambitsa ziphuphu palibe. Chiphuphu chimabwera mafuta a pakhungu akachuluka pa msinkhu wa kutha msinkhu, n'kutseka kabowo kamene tsitsi limatulukira, tizilombo n'kuswana mkatimo. Mafutawo amapangidwa ndi khungu lenilenilo, si a m'mbale ayi. Pa zakudya, zimene zaoneka kuti zimawonjezera ziphuphu kwa ena ndi shuga wambiri, zakumwa zotsekemera ndi mkaka, ndipo nazonso mphamvu yake ndi yochepa. Ngati mukufuna kusiya kanthu, siyani masipuni anayi a shuga mu tiyi. Mtedza musausiye, chifukwa kuno kuchigwa umateteza matenda a khungu oopsa kuposa ziphuphu.

Matendawo ndi pelagira. Amabwera thupi likasowa vitamini B3, wotchedwa nayasini. Munthu wamkulu amafuna mamiligalamu 14 mpaka 16 patsiku. M'chimanga nayasini alimo, koma ndi womangika, matumbo athu satha kumumasula. Ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu asanapere, ndipo laimuyo ndi amene amamasula vitaminiyo. Ife tinalandira chimanga koma kaphikidweko sitinalandire. Tikakonola, kuviika ndi kugaya ufa woyera, kochepa komwe kanalipo kamapita ndi gaga. Choncho nsima ikakhala ndi ndiwo zoyenera zonse zili bwino, koma ikakhala nsima ndi therere, mawa nsima ndi masamba opanda nsinjiro, miyezi iwiri kapena itatu, khungu limayamba kulankhula.

Achikulire muno mukukumbuka nthawi imene abale athu a ku Mozambique anathawira kuno chifukwa cha nkhondo. Mu 1990 mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira kwa miyezi ingapo, ndipo anthu oposa 18,000 anadwala pelagira m'misasa ya kuno kummwera. Chimanga ankadya, mimba zinkakhuta, koma khungu linkapsa.

Tsono mungamudziwe bwanji? Tiyerekeze bambo wa zaka 45 amene munda wake unakokoloka ndi madzi osefukira mu Januwale. Kunyumba kwatsala ufa wachithandizo basi, ndipo madzulo amamwako kachasu. Pofika mwezi wa Epulo kuseri kwa manja ake onse awiri kwada bii, kuli kouma, kukusenda ngati mphika wopserera. Mukapinda mkono wa malaya, mupeza mzere woonekeratu: pamene nsalu inaphimba khungu lili bwinobwino, pamene dzuwa limawomba ndi pamene papsa. Pakhosi pazungulira chimkanda chakuda chotsatira khosi la malaya, ndipo pamwamba pa mapazi pali zomwezo kupatula pamene panadutsa lamba wa patapata. Amamva kutentha ngati moto kuposa kuyabwa. Lilime lafiira, pakamwa pakuwawa akamadya. Kenako kutsegula m'mimba, kenako kuiwalaiwala ndi kukwiya msanga, mpaka achibale kuyamba kunong'onezana za ufiti. Nthawi zambiri dongosolo lake ndi limenelo, ndipo akasiyidwa amamwalira.

Zizindikiro ziwiri muzigwire: mbali zonse ziwiri mofanana, ndiponso pokhapokha pofika dzuwa. Chipere sichitero, chimakhala chozungulira ngati ndalama, malo amodzi kapena awiri. Mphere nayo imakonda pakati pa zala, m'chiuno ndi malo obisika, ndipo imagwira banja lonse. Pelagira sapatsirana, musamupatule mbale wodwalayo.

Bamboyu apite kuchipatala, asapake mafuta ogula pamsika. Mankhwala ake ndi mapiritsi a nikotinamaidi, pafupifupi mamiligalamu 300 patsiku ogawa kangapo, kwa masabata atatu kapena anayi. M'mimba ndi m'mutu mumayamba kupepuka m'masiku ochepa, khungu limatenga masabata. Kachasu aleke, chifukwa mowa umalepheretsa matumbo kuyamwa vitaminiyo. Amene mukumwa mankhwala a aizoniyazidi, ochiza kapena oteteza chifuwa cha TB, dziwani kuti nawo amatha kuyambitsa pelagira. Mukaona zizindikirozi musasiye mankhwala panokha, kaonetseni manjawo kwa adokotala amene anakupatsani.

Kunyumba, mtedza wosenda wokwana magalamu 100 uli ndi nayasini pafupifupi mamiligalamu 12, ndiye manja awiri patsiku akukufikitsani patali. Sankhani bwino, wachuku ndi wofota mutaye, umawononga chiwindi. Nsomba zakudambo monga mlamba, ngakhale zouma, nandolo, khobwe, mazira ndi nkhuku zonse zimathandiza. Mukakolola mtedza kudimba musagulitse wonse kwa mavenda. Thumba limodzi likhale la mwezi wa njala.

Tibwere ku madzi. Kuno mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo wolima kudimba kapena wodula nzimbe amataya thukuta lambiri. Kumwa madzi n'kofunika pa impso ndi pamutu. Koma zoti makapu asanu ndi atatu patsiku amatsuka ziphuphu kapena kusalalitsa nkhope, ayi. Madzi opitirira amene thupi likufuna amangotuluka ngati mkodzo. Poyezera pake ndi mkodzo womwewo: ukakhala wotuwira mwamwa mokwanira, ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri onjezani. Khungu limasonyeza kusowa madzi pokhapokha zinthu zitafika poipa. Mwana wotsegula m'mimba mutsineni khungu la pamimba ndi zala ziwiri, n'kulisiya. Likachedwa kubwerera kupitirira masekondi awiri, maso atalowa mkati, thamangani naye kuchipatala, m'njira mukumumwetsa Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino.

Nanga miyendo yotuwa ndi zidendene zong'ambika m'nyengo ya mphepo? Zimenezo ndi zakunja. Sopo wochapira zovala amachotsa mafuta oteteza khungu, makamaka mukawonjeza kukhula ndi mwala. Sambani ndi sopo wosambira, ndipo pakani vaselini khungu likadali lonyowa pang'ono, kuti atsekere chinyeziwo mkati.

Za tulo ndi nkhawa tinene zoona zake. Sizibweretsa mphere, sizibweretsa chipere. Chimene zimachita ndi kukulitsa vuto limene lilipo kale, monga ziphuphu ndi chikanga, ndipo chilonda cha munthu wankhawa chimachedwa kupola. Palinso tsitsi. Munthu akadwala malungo aakulu, akabereka, kapena akagwa m'chisoni chachikulu, tsitsi limatha kuthothoka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, iye ataiwala kale chiyambi chake. Limamera lokha, nthawi zambiri m'miyezi isanu ndi umodzi, popanda kutema mphini.

Koma nthawi zambiri nkhani ya tulo imayenda chambuyo: khungu ndi limene likulanda tulo. Mwana amene akukanda usiku wonse, m'bale wake nayenso akukanda, ameneyo ndi wa mphere, ndipo kugona msanga sikungamuchize. Onse a m'nyumbamo apake mankhwala akuchipatala tsiku limodzi, thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuzala zakumapazi, ngakhale amene sanayambe kukanda. Zofunda ndi zovala zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Kuyabwa kumatha kupitirira masabata awiri kapena kuposerapo tizilombo titafa kale, ndiye musathamangire kunena kuti mankhwala alephera.

Amayi mwakweza dzanja kumbuyoko, funsani.